Foni ili paulendo: momwe nsanja zimapatsirana mawu anu

Munthu amene wakwera basi ku Lilongwe kupita ku Blantyre akhoza kuyamba kulankhula pa foni ali pa Nathenje n'kudzatsazika basi ikuyandikira pa Linthipe. Nsanja imene inanyamula moni wake si imene yanyamula mawu ake otsazika. Pakati apo foni yake yadutsa m'manja mwa nsanja zingapo, ndipo iye ndi mnzake wolankhula nayeyo sanamve kalikonse. Kusamuka kumeneku mainjiniya amakutcha handova. Ikayenda bwino palibe amene amadziwa kuti yachitika, koma ikalephereka ndi pamene timamva munthu akukuwa m'basi kuti, "Halo! Halo! Mukundimva?"

Wina akhoza kufunsa chifukwa chake sitingomanga nsanja imodzi yaikulu pamwamba pa phiri la Dedza kuti izitumikira chigawo chonse chapakati. Vuto lake ndi lakuti mafunde a wailesi amene kampani ya foni imaloledwa kugwiritsa ntchito ndi ochepa. Kuno kwathu amawagawa ndi bungwe la MACRA, ndipo kampani iliyonse imalandira kagawo kake basi. Nsanja imodzi yamphamvu ikanatha mafunde onsewo pa anthu ochepa kwambiri. Nzeru imene inapezeka ndi yogawa dziko m'tizigawo ting'onoting'ono, kalikonse ndi nsanja yake yosafika patali, kuti tchanelo imene ikugwira ntchito kuno igwirenso ntchito kwina kotalikirako popanda kusokonezana. Tizigawo timeneti ndi timene amatitcha maselo, ndipo nsanja zambiri zimene timaziona m'mbali mwa msewu zili ndi maselo atatu, chifukwa ziwiya zake zoulutsira mafunde zimayang'ana mbali zitatu. Koma dziko likagawidwa chotero, munthu woyenda azidutsa malire pafupipafupi ali mkati molankhula. Injiniya wina wa ku Bell Labs ku America, Amos Joel, analandira umwini wa njira yosamutsira foni kuchoka m'selo ina kupita m'selo ina mu 1972, ndipo popanda njira yotere maselo akanangothandiza munthu woima pamodzi.

Tiyeni titenge netiweki ya 2G, imene dzina lake lina ndi GSM. Ndi imene foni za mabatani zimadalira, ndipo ngakhale foni zamakono zimabwerera komweko zikafika kumadera kumene kulibe netiweki zatsopano.

Foni ikangokhala m'thumba, osalankhulapo, imadzisankhira yokha nsanja yoti izimvera, ndipo ikalakwitsa palibe chimene chaduka. Zinthu zimasintha mukangoyankha. Kuyambira pamenepo foni ilibenso ufulu wosamuka mwakufuna kwake. Ntchito yake ndi kuyeza ndi kunena zimene yapeza, koma chigamulo chimachokera ku kompyuta yoyang'anira nsanja zambiri nthawi imodzi, imene mainjiniya amaitcha BSC. Kugawana ntchito kumeneku kuli ndi chifukwa chomveka. Foni ndi yokhayo imene ikudziwa mmene mafunde akufikira pampando umene mwakhalawo, koma siidziwa ngati nsanja ya kutsogolo ili ndi malo kapena yadzaza. BSC imadziwa za malo, koma siili m'basimo.

Nanga foni imayeza nthawi yanji pamene ili kalikiliki kunyamula mawu? Mu GSM tchanelo imodzi imagawidwa m'mipata 8 ya nthawi, imene imazungulira mobwerezabwereza, ndipo kuzungulira kamodzi kumatenga mamilisekondi 4.6 okha. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi. Foni yanu imalandira mawu mu mpata umodzi, imatumiza mawu mu mpata wina, ndipo m'mipata yotsalayo ilibe cholankhula. Ndi m'kanthawi kameneko mmene imatembenukira ku matchanelo a nsanja zoyandikana nazo, n'kuyeza mphamvu yake, n'kubwerera msanga isanaphonye mawu otsatira. Imachita zimenezi kambirimbiri pa sekondi iliyonse.

Siimangofufuza mwachisawawa. Nsanja imene ikuitumikira imaipatsa mndandanda wa anansi ake, ndipo foni imayeza okhawo amene ali pa mndandandapo. Mfundo imeneyi tiisunge, chifukwa mafoni ambiri amaduka kaamba ka mndandanda umenewu.

Pa mamilisekondi 480 aliwonse, kapena titi kawiri pa sekondi, foni imatumiza lipoti. Mu lipotilo muli mphamvu ya mafunde a nsanja imene ili nayo, ubwino wa mawu amene ikulandira, ndi mphamvu ya anansi 6 amene akumveka kwambiri. Mphamvu ndi ubwino ndi zinthu ziwiri zosiyana. Mafunde akhoza kufika amphamvu koma osokonezeka ndi nsanja ina yakutali imene ikugwiritsa ntchito tchanelo yomweyo, choncho ubwino amauyeza paokha, kuyambira 0 pamene mawu ali oyera mpaka 7 pamene awonongekeratu. Nsanja nayo imayeza mmene ikuimvera foniyo, n'kuphatikiza zonse pamodzi kupita ku BSC.

Mphamvu ya mafunde imayezedwa mu dBm, ndipo manambala ake amakhala ndi kamzere kutsogolo. Nambala ikayandikira 0 ndiye kuti mafunde ndi amphamvu: -70 dBm ndi netiweki yabwino, -100 dBm ndi yofooka, ndipo pofika -110 dBm foni ya GSM yatsala pang'ono kusamva chilichonse. Muyeso umenewu suyenda ngati wa sikelo ya pamsika. Kusiyana kwa 3 dB kukutanthauza kuti mphamvu yawirikiza kawiri, ndipo kusiyana kwa 10 dB ndi kuwirikiza kakhumi. Amene ali ndi foni ya Android akhoza kuiona nambalayi pa mafoni ambiri polowa mu Settings, kenako About phone, kenako SIM status. Imanena zoona kuposa timizere ta pakona ya foni.

Tsopano tibwerere m'basi muja, ndipo manambala otsatirawa ndi achitsanzo chabe, ngakhale ali ofanana ndi amene amapezeka pamsewu. Basi ikuthamanga makilomita 80 pa ola, amene ndi mamita pafupifupi 22 pa sekondi. Pakati pa lipoti limodzi ndi linzake yayenda mamita pafupifupi 11. Nsanja ya kumbuyo ikumveka pa -88 dBm, ya kutsogolo pa -97 dBm. Palibe chifukwa chosamukira. Patapita kanthawi zonse ziwiri zili pa -92 dBm. Apa munthu akhoza kuganiza kuti nthawi yakwana, poti basi ikulowera komwe kuli nsanja yachiwiriyo, koma BSC imangokhala chete.

Imakhala chete chifukwa mafunde sakhazikika. Lole ikadutsa pambali, basi ikalowa pansi pa mitengo, ngakhale mwini foni akangotembenuza mutu, mphamvu imatsika kapena kukwera ndi ma dB angapo. Ikanati BSC izisamutsa foni nthawi iliyonse imene nsanja ina yaposa inzake pang'ono, foni ya pamalire ikanamangoponyedwa uku ndi uku, ndipo kusamuka kulikonse kuli ndi ngozi yake yoti mawu aduke. Choncho mainjiniya amaika zotchinga ziwiri. Choyamba, BSC siikhulupirira lipoti limodzi. Imatenga malipoti angapo, tinene 8, n'kupeza pakati pake, ndipo malipoti 8 ndi masekondi pafupifupi 4, basi itayenda mamita 85. Chachiwiri, nsanja yatsopano iyenera kuposa yakale ndi malire oikika, tinene 5 dB, isanaloledwe kutenga foniyo. M'chitsanzo chathu zimenezi zikukwaniritsidwa pamene yakale yatsika kufika pa -95 dBm ndipo yatsopano yakwera kufika pa -89 dBm. Kusiyana kwafika 6 dB, ndipo kwakhalitsa.

Luso lonse la ntchitoyi lagona pa manambala awiri amenewo, ndipo ine ndimaona kuti apa ndi pamene injiniya wabwino amadziwikira. Akawachepetsa kwambiri, mafoni amaponyedwaponyedwa. Akawakulitsa kwambiri, foni imakakamira nsanja imene ikuzimirira mpaka mochedwa. Palibe nambala imodzi yoyenera paliponse. Munthu woyenda pansi mumsika wa Limbe akhoza kudikira masekondi angapo popanda vuto, koma galimoto yotsika mapiri a Ntcheu ilibe masekondi amenewo.

Chigamulo chikapangidwa, foni siiuzidwa kaye. BSC imayamba yalankhula ndi nsanja yatsopanoyo kuti isunge mpata umodzi pa tchanelo yakutiyakuti, ndipo nsanjayo ikavomera imayamba kutchera khutu pa mpatawo. Zili ngati mayi amene akupatsira mnzake khanda: salisiya mpaka ataona kuti manja a wolandirayo atambasuka kale. Malo akakonzeka, lamulo limapita kwa foni kudzera pa nsanja yakale, lonena tchanelo, mpata, ndi nambala yodzizindikiritsira ikafika. Lamuloli ndi lachangu, moti netiweki imaba kachidutswa ka mawu anu, ka mamilisekondi 20, n'kuikamo lamulolo m'malo mwake. Khutu siliona kuti labedwa kanthu.

Foni ikalandira lamulo imasiya nsanja yakale, n'kutembenukira ku tchanelo yatsopano. Apa pali kanthu kamene anthu ambiri sakadziwa. Foni siingayambe kutumiza mawu nthawi yomweyo, chifukwa siidziwa kuti nsanja yatsopanoyo ili kutali bwanji. Mafunde amathamanga liwiro la kuwala, koma mipata ija ndi yaifupi kwambiri moti kuchedwa kwa mtunda wa makilomita ochepa n'kokwanira kuti mawu anu agwere mu mpata wa munthu wina. Choncho foni imayamba ndi kutumiza timauthenga tatifupitifupi togogoda. Nsanja imayeza kuchedwa kwa timauthengato n'kuiuza foniyo kuti izifulumiza kutumiza ndi masitepe angati. Sitepe iliyonse ikuimira mamita pafupifupi 550, ndipo masitepe amathera pa 63, n'chifukwa chake selo wamba ya GSM siitumikira foni imene ili kutali kuposa makilomita 35. Foni imene ili makilomita 6 kuchokera pa nsanja imauzidwa masitepe 11 kapena pafupi ndi pamenepo.

Zikatero foni imanena kuti yafika, BSC imatembenuza njira ya mawu kuti izidzera pa nsanja yatsopanoyo, ndipo mpata wa pa nsanja yakale umamasulidwa kuti wina augwiritse ntchito. Kanthawi kamene foni inalibe nsanja iliyonse kawirikawiri sikafika kota ya sekondi. Nthawi zina mumamva ngati chilembo chimodzi chamezedwa, basi. Mnzanu wa ku Mzuzu amene mukulankhula naye sakhudzidwa, chifukwa njira yonse yochokera kwa iye kudzafika kulikulu lolumikiza mafoni siinasinthe. Chasintha ndi kachidutswa komalizira kokha, ka pakati pa netiweki ndi dzanja lanu. Ndipo foni ikalephera kugwira nsanja yatsopano, imaloledwa kubwerera ku tchanelo yakale, imene imasungidwa mpaka uthenga woti yafika utamveka.

Mu 3G anayesa njira ina. Kumeneko maselo oyandikana amagwiritsa ntchito tchanelo imodzi, choncho foni ya pamalire imatha kulankhula ndi nsanja ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi, netiweki n'kumasankha mawu amene afika bwino. Yatsopano imagwira yakale isanasiye, ndipo palibe kanthawi kopanda nsanja. Mtengo wake ndi wakuti munthu mmodzi amadya malo pa nsanja zingapo. Mu 4G anabwerera ku njira yosiya kaye n'kugwira, koma anaifulumizitsa. BSC kulibenso: nsanja zimakambirana zokha, ndipo foni siitumiza malipoti mosalekeza koma imadikira mpaka mnansi ataposa nsanja yake ndi malire oikika kwa nthawi yoikika, monga mamilisekondi 320. Pa nthawi yosamukayo nsanja yakale imatumiza kwa yatsopano data yonse imene inali isanafike pa foni, ndipo kudukiza kwake ndi mamilisekondi makumi ochepa chabe. Ndi chifukwa chake kuimbirana pa WhatsApp kumapitirira galimoto ikuyenda.

Nanga bwanji mafoni amadukabe? Njira imene tafotokozayi ili ndi malo amodzi ofooka kwambiri: lamulo losamuka liyenera kudzera pa nsanja yakale, yomwe ija ikuzimirira. Tiyerekeze kuti basi yakhota pakona, phiri n'kutchinga nsanja ya kumbuyo. Mphamvu ikhoza kugwa ndi 20 dB m'masekondi awiri kapena atatu. BSC ikadali kuwerengera malipoti ake 8, ndipo pamene ikutumiza lamulo, foni siikumvanso. Nsanja yatsopano yasunga malo, foni ikuiona bwinobwino, koma ilibe chilolezo chopitako. Mu GSM foni imakhala ndi chiwerengero chimene chimatsika ndi 1 uthenga wa netiweki ukaphonyeka ndipo chimakwera ndi 2 uthenga ukamveka. Kampani ikachiika pa 16, foni imapirira masekondi pafupifupi 8 isanagonje. Mwini foni amazindikira vuto limeneli mosavuta: mawu amayamba kudukaduka, kenako kumakhala zii kwa masekondi angapo, foni n'kuduka, ndipo posakhalitsa timizere timadzazanso. Tadzaza chifukwa foni, poti tsopano ili payokha, yadzisankhira nsanja ija inkaiona kale.

Vuto lachiwiri ndi la mndandanda wa anansi uja. Nsanja yatsopano ikamangidwa, kapena matchanelo akasinthidwa, wina akhoza kuiwala kuilemba pa mndandanda wa nsanja yoyandikana nayo. Foni imadutsa pansi penipeni pa nsanjayo osaiyeza n'komwe, ikukokabe mawu kuchokera kutali mpaka ataduka. Chizindikiro chake ndi foni imene imaduka pamalo amodzimodzi tsiku lililonse, nthawi iliyonse, makamaka polowera mbali imodzi ya msewu, pomwe munthu woima pamalopo amaimba bwinobwino. Netiweki za 4G zimatha kudzilembera zokha anansi amene mafoni awapeza, ndipo zimenezi zachepetsa vutoli, koma pa netiweki zakale mndandandawo umadalira kwambiri anthu.

Kudzaza nako kumadula mafoni. Tsiku la msika, la mpira kapena la msonkhano waukulu, mipata yonse ya nsanja ya pamalopo ikhoza kukhala ndi eni ake. BSC ikapempha malo imakanidwa, imayesa mnansi wachiwiri, ndipo akasowa foni imatsala pa nsanja yakale mpaka mafunde atatha. Makampani ambiri amakonza netiweki kuti munthu amene ali kale mkati molankhula apatsidwe malo msanga kuposa amene akungoyamba kuimba, ndipo ndi maganizo abwino, chifukwa kudukidwa pakati pa nkhani kumapweteka kuposa kuuzidwa kuti muyesenso. Vuto la kudzaza limadziwika poti limatsata nthawi: pamalo pomwepo m'mawa wa tsiku wamba foni imadutsa bwino. Magetsi akazima ndipo mabatire kapena jenereta ya pa nsanja ina yaleka, zotsatira zake zimafanana, chifukwa pamsewu pamatsala dzenje limene nsanja zotsalazo sizingalikwirire, ndipo zimadzaza ndi anthu a nsanja yozimayo.

Pali malo ena pamene handova siingachitike ngakhale zonse zili bwino. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu msewu wa M1 umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, monga pa Lizulu, pamene mbali imodzi ya msewu ndi dziko lina. Foni imamva nsanja za ku Mozambique, nthawi zina mwamphamvu kuposa za kwathu, koma nsanjazo ndi za makampani ena, ndipo mwa nthawi zonse sizikhala pa mndandanda wa anansi. Mukamalankhula, foni siingasamukireko. Mukangomaliza, ikasowa netiweki ya kwawo ikhoza kulowa pa ya tsidya linalo, ndipo ndi pamene ena amalandira uthenga wowalandira ku Mozambique asanatsike n'komwe m'basi. Chimodzimodzinso pakati pa TNM ndi Airtel: ngakhale ziwiya zawo zitakhala pa nsanja imodzi yachitsulo, ndi netiweki ziwiri zosiyana, ndipo foni yoimba pa imodzi siipatsiridwa kwa inzake. Oyenda kawirikawiri m'malire akhoza kupewa kulowa pa netiweki yakunja posankha okha netiweki ya kwawo m'foni m'malo moisiya kuti izidzisankhira.

Zambiri mwa zimenezi mwini foni sangazikonze, koma akhoza kuthandiza amene amazikonza. Mainjiniya amaona pa makompyuta awo kuti pakati pa selo iyi ndi iyo handova zingati zayesedwa ndipo zingati zalephera, komanso amayenda ndi galimoto yokhala ndi mafoni oyezera, akulemba mphamvu ya mafunde ndi malo amene kusamuka kulikonse kwachitikira. Chimene chimawavuta ndi kudziwa poyambira. Dandaulo lakuti "netiweki ikuvuta" siliwafikitsa patali. Koma mukanena malo enieni, mbali imene mumalowera, nthawi yake, ngati foni inkalemba 2G, 3G kapena 4G, ndiponso ngati timizere tinali todzaza kapena tinatha foni isanaduke, injiniya amadziwa nsanja ziwiri zoti aziyang'ane, ndipo amayamba ndi kuona ngati yachiwiriyo ili pa mndandanda wa yoyambayo.